WAMVA M'MIMBA NDIYE ATSEKULA CITSEKO

Abale ndi alongo a m'Bungwe lathu la Maliro, A Mlembi anandipempha kuti ndilembeko kanthu m'kalata yathu ya mwezi uno, ndipo ndinawayankha kuti ine si munthu wophunzira, sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Iwo anati ndingolemba cimene ndinaciona ndi maso anga. Cotero ndifuna kukuuzani za kakalata kakang'ono kamene ndinalembera bwana wanga tsiku lina mbandakuca, pamene ndinadwala mwadzidzidzi kutentha thupi ndi kusanza. Kakalatako nkosakwana ndi dzanja lomwe, koma kanandiphunzitsa zimene sindinazidziwe pa zaka zonse zimene ndagwira nchito ya m'munda.

Ambiri a inu mundidziwa. Ndikhala muno m'Greenbelt, m'boma la Prince George's, m'cigawo ca Maryland, ndipo ndine kapitao pa famu ya ndiwo zamasamba kunja kwa tauni. Tilima letesi, kabici, mpiru, matimati ndi maungu, ndipo Loweruka ndi Lamulungu tikagulitsa ku misika. Ndisanabwere kuno ndinali pa esiteti ya fodya ku Mchinji, poyamba ngati mnyamata wopalira, pambuyo pace ngati kapitao. Kumeneko tinakula ndi tikiti. Munthu akafika m'mawa, kalaliki acongapo. Akapanda kufika, malo a tsiku limenelo akhala oyera, ndipo pa malipiro tsikulo palibe. Panalibe wolemba kalata ya matenda. Ukadwala unkatuma mwana kuti akanene kwa kapitao, kapena unkangogona, ndipo podzuka unkapita kukapepesa cipewa ciri m'manja. Ambiri tinkasankha kupita cidwalire, kukasanzira kuseri kwa cigafa ndi kubwerera pa mzere. Tinkayesa kuti kumeneko ndiko kulimba kwa mwamuna. Mtima umenewo ndinawoloka nao nyanja.

Tsono linali Lacinai usiku, m'mwezi wa Okutobala. Lacisanu ndilo tsiku lalikuru pa famu pathu, pakuti ndipamene tithyola, kutsuka ndi kulonga ndiwo zonse za ku msika. Ndinagona bwinobwino. Nthawi ya 2 koloko ndinadzidzimuka ndi mseru, ndipo ndisanafike bwino ku cimbudzi ndinasanza nsima yonse ya madzulo. Pofika 4 koloko ndinali nditasanza kanai, m'mimba munayamba kutsekula, ndipo ndinali kunjenjemera ngakhale ndinapfunda mabulangete awiri. Mai a kunyumba, amene agwira nchito yosamala nkhalamba, anabwera ndi kacipimo kao nakandiika m'kamwa. Kanaonetsa 101.8. Kuno ayesa kutentha mwa mtundu wina. Pa kayesedwe ka kwathu imeneyo ndi 38.8. Iwo anati munthu akafika pa 100.4, ndiyo 38 ya kwathu, pamenepo thupi latentha ndithu, si kutopa cabe ai.

Ine ndinayamba kufunafuna nsapato zanga za ku munda. Maiwo anaima pakhomo nati, “Bambo, mupita kuti?” Ndinati ku nchito, cifukwa mfungulo za nyumba yoziziritsira ndiwo ziri kwa ine, ndipo anyamata sadziwa mizere yoyenera kuyamba. Iwo anati, “Manja amenewo mukagwira nao letesi woti anthu akadye wosaphika? Mwaiwala kuti mdzukulu wanu anasanzira pa miyendo panu Laciwiri madzulo? Khalani pansi mulembere bwana wanu.” Ndinakhala pansi, osati cifukwa ca kumvera, koma miyendo ndiyo inakana.

Ndinatenga lamya ya m'manja ndi kuyamba kulemba monga anatiphunzitsira aphunzitsi athu m'Sitandade 6. Ndinayamba ndi kupereka ulemu. Ndinafunsa za moyo wa bwana, wa mkazi wace ndi wa ana. Ndinathokoza cifukwa ca nchito imene anandipatsa ndi cifundo cace ca zaka zonsezi. Ndinapepesa kawiri. Kumapeto kweni kweni ndinati sindiri kupeza bwino pang'ono, ndipo kapena ndicedwa. Mwana wanga wamkazi, amene anadzuka ndi phokoso, anawerenga nati, “Ababa, kalatayi ndi yaulemu, koma bwana akaiwerenga adziwa ciani? Mubwera kapena simubwera? Mwadwala ciani? Atume yani m'malo mwanu?” Ndinayang'ananso, ndipo ndinaona kuti m'mizere khumi ndi iwiri munalibe yankho la funso ndi limodzi lomwe. Mau akuti “kapena ndicedwa” akadamcititsa bwana kudikira pa cipata mpaka dzuwa kutentha, ndiwo ziri kufota m'munda.

Ndinafafaniza zonse ndi kunena kwa mwanayo m'cinenero cathu kuti alembe kuti ndadwala malungo. Apanso anandiimitsa. Anandifunsa ngati ndinena malungo a udzudzu kapena kutentha thupi cabe. Abale, apa mpofunika kucenjera. Kwathu munthu akamva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi anena kuti ali ndi malungo, ngakhale sanapimitse magazi. Koma m'Cingerezi mau ali awiri: fiva ndiko kutentha thupi, maleriya ndiyo nthenda ya udzudzu imene adotolo aipeza m'magazi. Ukalembera bwana wa kuno kuti uli ndi maleriya, wachula nthenda imene sunapimitse, ndipo pepala la dotolo likadzanena zina udzaoneka wabodza. Ine ndinali nditatha zaka zitatu osapita kumudzi. Cimene ndinacidziwa ndithu cinali kutentha thupi ndi kusanza, ndipo tinalemba comweco. Kakalata kamene tinatumiza nthawi ya 4.40 m'mawa, kuika m'cinenero cathu, kanali kotere:

“Moni bwana. Ndadwala mwadzidzidzi usiku uno. Kuyambira 2 koloko ndiri kusanza ndi kutsekula m'mimba, ndipo thupi latentha kufika 101.8. Sindibwera ku nchito lero Lacisanu ndi mawa Loweruka. Conde masiku awiriwa muwalembe pa chuthi ca matenda. Mfungulo mkazi wanga azisiya kwa wacilonda isanakwane 5.30, ndipo wothandizana nane adziwa mizere ya letesi yothyola lero. Ndidzakulemberaninso mawa masana kukuuzani m'mene ndiriri.”

Pansi pace ndinaika dzina langa lonse, pakuti si nthawi zonse bwana asunga nambala ya munthu ali yense. Pasanapite mphindi khumi anayankha mau owerengeka: kuti wamva, ndipume, ndipo ndisayandikire nyumba yolongera ndiwo mpaka patapita masiku awiri cilekere kusanza. Sanakwiye, sanafunse zambiri. Ine ndinadabwa kuti cinthu cimene ndinaciopa zaka makumi atatu cinatha m'mphindi khumi.

Tsopano ndifuna tione kakalatako mzere ndi mzere, cifukwa pokhala kapitao ndalandira makalata otere ambiri kucokera kwa anyamata, ndipo ndadziwa pamene pagona cilema. Coyamba ndi nthawi yotumiza. Ife tiyamba 6 koloko. Uthenga wofika 4.40 upatsa bwana ola lathunthu ndi kanthu kuti aitane munthu wina ndi kugawa nchito mwatsopano. Uthenga womwewo ukafika 9 koloko suthandizanso kanthu, ungokhala cipepeso. Ndipo ukhale wolembedwa. Kuimba lamya nkwabwino, koma mau a pakamwa auluka. Uthenga wolembedwa uli ndi tsiku ndi nthawi yace, ndipo pakadzabuka mkangano pa malipiro, mboni iri m'thumba mwako. Amene atuma mnzace kuti “ukandinenere” adalira munthu amene angathe kuiwala, kapena kucedwa iye mwini.

Caciwiri ndi masiku. Munthu achule tsiku ndi dzina lace, lero Lacisanu ndi mawa Loweruka, osati “masiku angapo”, ndipo apemphe poyera kuti alembedwe pa chuthi ca matenda. Ukapanda kupempha, wolemba malipiro angathe kungolemba kuti sunabwere, ndipo kujomba ndi kudwala zioneka cimodzimodzi m'buku. Cacitatu ndi nchito yosiyidwa: mfungulo ziri kuti, ndani adziwa cocita. Bwana akawerenga kuti munthu wadwala, funso lofika msanga m'mutu mwace ndi lakuti nchito iyenda bwanji, ndipo ukamuyankha asanafunse, mtima wace ukhala pansi. Cacinai ndi lonjezo la kulembanso. Pa tsiku loyamba palibe adziwa kuti nthenda itenga masiku angati, cotero usalonjeze tsiku lobwerera; lonjeza tsiku lonena.

Koma cimene cinandibvuta koposa ndico kuchula kusanza ndi kutsekula m'mimba. Kwathu zimenezi sitinena kwa akulu. Timangoti m'thupi simuli bwino. Pa nchito zina, monga za m'ofesi, munthu angathe kungoti wadwala, osalongosola, ndipo palibe cifukwa coululira bwana matenda ako onse a m'mbuyo kapena mankhwala amene umwa. Koma ife tigwira cakudya ca anthu. M'caka ca 2015 boma lalikuru la Amerika linaika malamulo a kasamalidwe ka ndiwo ndi zipatso zodyedwa zosaphika. Mwa malamulowo, famu imene iri pansi pao iyenera kucotsa munthu wodwala nthenda yopatsirana pa nchito yokhudza ndiwozo, ndiponso iyenera kulangiza anchito ace kuti azinena kwa wowayang'anira akadwala motero. Cotero wothyola letesi akabisa kusanza, saonetsa kulimba ai, koma aika famu yonse pa mlandu ndi ogula pa ngozi.

Loweruka masana ndinapita ku kiliniki, cifukwa ndinaona kuti ndi Lamulungu lomwe sindidzapita ku msika, ndipo ndinafuna pepala. Dotolo anandifunsa ngati ndayenda kunja kwa dziko, ngati ndapopera mankhwala a mbozi masiku amenewo, ndi ngati wina wadwala m'nyumba. Nditamuuza za mdzukulu, anati cioneka kuti ndi kacirombo ka m'mimba kochedwa norovairasi. Anati kakalowa m'thupi kaonekera pakati pa maola 12 ndi 48, ndipo ambiri acira pa tsiku limodzi kufikira atatu. Ndinawerenga: mwanayo anasanza Laciwiri madzulo, tinamsamala Lacitatu lonse, ine ndinagwa Lacinai usiku. Zinagwirizana. Anatinso kacirombo kameneka sikafa bwino ndi mankhwala aja opaka m'manja onunkha kacasu; cofunika ndi sopo ndi madzi. Ndipo munthu apitiriza kukapatsira ena ngakhale wayamba kumva bwino, ndico cifukwa cace akulu a zaumoyo a dziko lino alangiza kuti wogwira cakudya akhale kunyumba maola 48 cilekere kusanza ndi kutsekula.

Maola 48 amenewo awerengedwa kuyambira pa kusanza kapena kutsekula komariza, osati koyamba, ndipo apa ambiri talakwa. Ine ndinasanza komariza Lacisanu 7 koloko madzulo, ndipo m'mimba munaleka nthawi yomweyo. Maola 48 anakwana Lamulungu 7 koloko madzulo. Cotero Loweruka, ngakhale ndinali nditayamba kudya phala ndi kuyendayenda m'nyumba, ndinalemba kakalata kaciwiri monga ndinalonjezera: kuti kusanza kunaleka Lacisanu madzulo, kuti ndaonana ndi dotolo ndipo pepala ndiri nalo, ndi kuti ndidzafika Lolemba 6 koloko. Masiku onsewo mai a kunyumba anandimwetsa madzi a thanzi pang'ono pang'ono, lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere, pakuti cimene cigwetsa munthu wosanza ndi kutha kwa madzi m'thupi.

Tsono tifike pa ndalama, pakuti ndidziwa kuti ena muli kunena mumtima kuti kapitao alankhula cifukwa masiku ace alipidwa. Munthu wolandira madola 15 pa ola, wogwira maola 8 pa tsiku, akagona masiku atatu ataya madola 360. Imeneyo ndi mbali ya lendi, ndi copereka ca ku Bungwe, ndi fetereza wa amai kumudzi. Palibe angaseke munthu woopa kutaya ndalama zotere. Koma tiyeni tidziwe cimene lamulo linena ndi cimene silinena.

M'Maryland muli lamulo lochedwa Maryland Healthy Working Families Act, limene linayamba kugwira nchito pa 11 Febuluwale 2018. Ndalemba dzina lace monga liri kuti mulizindikire mukaliona pa cipupa ku nchito. Linena kuti wolemba anthu 15 kapena oposa apereke chuthi ca matenda colipidwa, ndipo wolemba ocepera 15 apereke chuthi comweco koma cosalipidwa. Munthu akolola ola limodzi pa maola 30 ali onse amene wagwira, kufikira maola 40 pa caka. Wogwira maola 40 pa mlungu adzaza maola 40 amenewo patapita milungu 30. Nthenda ikagwa mwadzidzidzi, monga yangayi, lamulo lifuna kuti udziwitse bwana msanga monga ungathe. Ndipo ukagona kopitirira masiku awiri a nchito otsatizana, bwana ali ndi mphamvu ya kufuna umboni, monga pepala la dotolo.

Kufikira apa nzokoma. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo limeneli linasiya kunja anthu ogwira nchito ya ulimi pa famu. Ndiye kuti ife a khasu ndi mpeni wothyolera silitiphimba. Masiku atatu amene ndinalipidwa ine sanacokere m'lamulo ai, anacokera m'pangano la pa famu pathu, pamene bwana anabvomera yekha kupatsa anchito okhazikika masiku asanu pa caka, ndipo zinalembedwa m'pepala limene tinasaina. Pa famu ina palibe ndi tsiku limodzi lomwe. Cotero ndikupemphani, ali yense afunse lero, ali moyo wabwino, kuti pa famu pace pangano ndi lotani, uthenga wa matenda upita kwa yani, ndi pa nambala iti. Safunsa anadya phula. Usiku wa kusanza si nthawi yoyamba kufunafuna nambala ya bwana.

Lamulo lija liwakhudza abale athu a m'Bungwe amene agwira m'mahotela, m'masitolo, m'nyumba za nkhalamba ndi pa nchito zosesa, ngati agwira maola 12 kapena oposa pa mlungu. Likhudzanso ife tikapeza nchito zotere m'nyengo ya cisanu pamene minda yagona. Koma apanso pali msampha: bwana sakakamizidwa kukulola kudya maola ako pa masiku 106 oyamba ciyambire nchito. Amene wayamba pa 1 Disembala afika masiku amenewo pakati pa Marici, nthawi imene tiri pafupi kubwerera ku munda.

Wina afunsa kuti, ngati tsiku silidzalipidwa, kalata njaciani? Ndiyankha ndi nkhani ya mbale wathu wina, amene wandilola kuinena koma dzina ndibisa. Mbale ameneyu anapita kumudzi kukaika bambo ace, nakhala mwezi umodzi m'nyengo ya mvula. Atabwerera anagwira nchito mlungu umodzi ndi theka, ndipo usiku wina anayamba kutentha thupi, mutu ndi kusanza, monga ine ndemwe. Akhala yekha m'cipinda ca lendi. Anaganiza kuti wacedwa kale ku maliro, akapemphanso masiku bwana adzatopa naye. Bwino agone tsiku limodzi cete, mawa akapepese. Anamwa timibulu toziziritsa thupi, ndipo m'mawa mwace anamvako bwino, koma madzulo zinabweranso moposa. Tsiku laciwiri analibe mphamvu ya kugwira lamya. Ku nchito kwace anangoti wathawa, pakuti kuno malo ambiri munthu akasowa masiku atatu osanena ayesa kuti wasiya yekha nchito, ndipo dzina alifafaniza.

Tsiku lacitatu madzulo a Msungicuma athu, amene anafuna kumfunsa za copereka, anadabwa kuti sayankha, napita kukagogoda. Anampeza ali kubwebweta, osazindikira munthu. Anaimba 911. Ku cipatala, atamva kuti wacokera ku Malawi, anapima magazi napeza malungo eni eni a udzudzu, a mtundu uja woopsa wa kwathu. Anagona m'cipinda ca odwala kwambiri, ndipo sindibisa, ife a komiti tinakhala pansi usiku wina kuwerenga za m'bokosi ngati zingakwane kutumiza mtembo ku Lilongwe. Mulungu anatikomera mtima, mbale wathu ali moyo. Koma anaturuka m'cipatala wopanda nchito, ndipo panapita milungu ya kupempha kuti amlandirenso.

Taganizani cimene mizere isanu ikadacita m'mawa wa tsiku loyamba. Nchito yace ikadakhalapo, pakuti bwana akadadziwa kuti wadwala, sanathawe. Ndipo lonjezo lija lakuti “ndidzalembanso mawa masana” likadakhala ngati belu: masana atapita popanda uthenga, kapitao wace akadaimba lamya, ndipo posayankhidwa akadatuma munthu. Mbale wathu akadapezeka tsiku lathunthu msanga, ndipo pa malungo otere tsiku limodzi ndi lalikuru. Kwa munthu wokhala yekha m'dziko la eni, amene ayamba kuona kuti wasowa ndi a ku nchito, pakuti ndiwo amuyembekeza m'mawa uli wonse.

Pa nkhani yomweyi ndionjeze cenjezo limodzi. Kakalata kapempha chuthi, koma sikaciza. Ali yense amene wabwera kucokera kumudzi, makamaka m'mwezi woyamba koma ngakhale patapita miyezi, akatentha thupi asadikire kuona ngati kusanza kuleka monga kunalekera kwanga. Atumize uthenga kwa bwana ndi kupita ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo mau oyamba kwa dotolo akhale akuti, ndacokera ku Malawi tsiku lakuti, pimani magazi. Adotolo a kuno saona malungo kawirikawiri, ndipo ukapanda kunena za ulendo angathe kuyesa kuti ndi cimfine. Tisadzinamize kuti tinakula nao malungo. Mphamvu ija ya thupi imene tinali nayo kumudzi icepa munthu akakhala zaka kunja. M'mwezi wa Ogasiti 2023 akulu a zaumoyo a Maryland analengeza kuti munthu wina wa m'dera lino lozungulira Washington anadwala malungo osaturuka m'dziko, koyamba pa zaka zoposa 40, koma zimenezo nzosowa; malungo a pakati pathu tibwera nao tokha m'ndege. Cimodzimodzi amene wasanza atapopera mankhwala m'munda, kapena atapsa ndi dzuwa la Julai pa mzere, kapena amene madzi akana kukhala m'mimba tsiku lonse ndipo mkodzo wasowa, ameneyo afuna cipatala msanga, ndipo kalata ilembedwe ndi mnzace.

Lolemba ndinafika pa famu 6 koloko isanakwane, ndinapereka pepala la dotolo, ndi kulandira mfungulo zanga kwa wacilonda. Letesi anathyoledwa, misika inagulitsidwa, ndipo wothandizana nane anayendetsa nchito bwino kotero kuti ndinacita nsanje pang'ono. Pa anyamata asanu ndi anai a gulu langa palibe anadwala. Madzulo ace ndinawasonkhanitsa pansi pa mtengo, ndinawawerengera kakalata kanga, ndi kuwauza kuti ali yense akalembe m'lamya yace ndi kukasunga, kusiya malo a tsiku, nthawi ndi cipimo ca kutentha, kuti tsiku la tsoka angodzaza ndi kutumiza. Mnyamata wina anati acita manyazi kulembera munthu wamkuru za kutsekula m'mimba. Ndinamuuza kuti akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko; bwana sangalote kuti wadwala, ndipo ine kapitao sindingakuimire pa mlandu umene sunandiuze.

Ndapempha a Mlembi kuti kakalatako akasindikize kumbuyo kwa tsamba lino m'Cingerezi ndi m'cinenero cathu. Amene kulemba kumbvuta abwere pa msonkhano wa Lamulungu loyamba la mwezi ndi lamya yace, ana athu adzamthandiza kukaikamo. Ndipemphanso komiti iganizire kuti mbale ali yense wokhala yekha, potumiza uthenga wotere kwa bwana, azitumizanso womwewo kwa mmodzi wa ife, kuti tikamgogodere akadali kuyankha. Bokosi lathu tinalikhazikitsa kuti tiikane mwaulemu, koma palibe mwa ife afulumira kulitsekula.

Tsalani bwino nonse. Ndine mbale wanu m'Bungwe,

Kapitao wa ku Greenbelt.